Mafunso ndi mayankho: kuyendetsa filimu ya mbiri kuti owonera asathawire pa foni

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera pakati pa ife opanga mafilimu a zochitika zenizeni muno mu Lusaka. Ena amafunsa tikakumana, ena amatumiza pa WhatsApp usiku magetsi atathima, ntchito itaima. Kuti tisamangolankhula m'malere, mayankho onse atsamira pa chitsanzo chimodzi. Tiyerekeze kuti mukupanga filimu ya mphindi 12 yonena za usiku umene Zambia inalandira ufulu, pamene mbendera ya Britain inatsika ku Independence Stadium pakati pa usiku wolowera pa 24 Okutobala 1964. Mwacheza ndi akuluakulu atatu amene analipo: agogo aakazi a ku Chilenje, abambo ena amene anali mphunzitsi, ndi ena amene anali dalaivala. Zocheza zonse zakwana maola anayi. Kanema wakale amene mwaloledwa kugwiritsa ntchito ndi wa masekondi 90 okha, kuwonjezera zithunzi 10 za papepala.

Anthu akamati filimu yanga ikuchedwa, ndiye kuti ndizidula zithunzi mwachangu?

Ayi. Ambiri amayamba ndi mankhwala amenewo ndipo sachiza. Filimu ikhoza kusintha chithunzi pa masekondi awiri aliwonse koma munthu n'kumayasamulabe, pomwe nkhope imodzi ya agogo ikhoza kukhala pa sikilini theka la mphindi chipinda chonse chili zii.

Kumbukirani mmene nthano imayendera. Wokamba akati "padangokhala", omvera amavomera kuti "tili tonse", ndipo akamva kuti kuvomerako kwayamba kuzilala amadziwa kuti pafunika nyimbo kapena kuti Kalulu achite kanthu. Wopanga filimu samva kuvomera kumeneko, ndiye ayenera kukuyerekezera ali papepala. Owonera amakhala nanu ngati ali ndi funso m'mutu limene akudikira yankho lake. M'chitsanzo chathu funso likhoza kukhala laling'ono kwambiri: kodi agogo aja, ali kamtsikana koyenda wapansi kuchokera ku Chilenje mpaka ku sitediyamu kumpoto kwa tauni, akafika n'kuiona mbenderayo? Funso likayankhidwa ndipo lina osabadwa, pamenepo ndi pamene filimu "imachedwa", kaya mukudula mofulumira chotani.

Ndiyambe kulemba chiyani, mawu a wofotokoza kapena zimene anthu ananena?

Yambani ndi zimene anthu ananena. Wofotokoza ndi womaliza kulowa.

Lembani zocheza zonse papepala monga mmene zinatulukira m'kamwa, ndipo pambali pa ndime iliyonse muike nthawi imene ikuoneka pa kompyuta, mwachitsanzo `00:47:12`, kuti musamasakesake. Maola anayi ndi ntchito ya masiku angapo, ndipo ndikudziwa kuti pamenepa ndi pamene ambiri amazemba. Kenako chongani ndime zimene munthu akukamba chinthu chimene anachiona, kuchigwira kapena kuchimva m'thupi. Aphunzitsi akamati ufulu unali chinthu chofunika kwambiri kwa mtundu wathu, musachonge, aliyense anganene zimenezo. Agogo akamati ananyamula nsapato m'manja njira yonse kuti zisathe, anakavala atafika pachipata, chongani kawiri.

Dulani ndimezo ndi sizasi, kapena muzikopere pa timakadi, muziyale patebulo motsatira nkhani. Mukawerenga kuyambira poyamba mudzaona maenje, malo amene munthu wosadziwa mbiriyi angasokere. Maenje amenewo ndiwo malo a wofotokoza. Mukayamba ndi wofotokoza, zimene zimachitika n'zakuti mumalemba nkhani yonse nokha, akuluakulu aja n'kungosanduka mboni zobwera kudzati "eya, n'zoona".

Sikiripiti yake ilembeni m'magawo awiri oyandikana: kumanzere zooneka, kumanja zomveka, ndipo mzere uliwonse ukhale ndi masekondi ake. Mukaona mizere isanu yotsatizana kumanja kwadzaza koma kumanzere kwalembedwa "chithunzi chomwe chija", mwapeza kale vuto musanayatse laputopu.

Kachidutswa ka munthu amene akulankhula katalike bwanji?

Palibe lamulo, koma pali chizolowezi chimene chimandithandiza. Munthu akamapereka mfundo, monga dalaivala kunena kuti misewu inadzaza, masekondi 8 mpaka 15 akwana. Akamakamba kankhani kokhala ndi chiyambi ndi mathero, mpatseni 30 mpaka 45. Kupitirira mphindi yathunthu kuchitike kamodzi kapena kawiri mufilimu yonse, pamalo amene ndi mtima wa nkhani.

Chofunika kuposa manambalawa n'chakuti tizidutswa tisafanane kutalika. Ndaonapo mafilimu amene aliyense amalankhula masekondi 20, wofotokoza 20, kanema wakale 10, kenako kuyambiranso. Pofika ulendo wachitatu khutu lazolowera, ngati phokoso la chigayo kwa munthu wokhala pafupi nacho. Pambuyo pa kachidutswa katali ikani kakafupi kwambiri, ngakhale mawu anayi okha a munthu wina wotsutsa kapena woseka.

Kachidutswa kalikonse kanyamule ganizo limodzi. Lowani mochedwa, tulukani msanga. Akuluakulu athu amayamba ndi mawu okonzekera, "chabwino mwanawe, kunena zoona pa nthawi imene ija", ndipo akamaliza amabwereza zomwezo mwachidule. Zonse ziwirizo zichotseni. Koma musachotse kupuma. Agogo akanena kuti bambo awo analira, kenako n'kuyang'ana pansi masekondi atatu, masekondi atatuwo ndi gawo la chiganizo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo anthu awiri akanena chinthu chimodzi, sankhani mmodzi. Zimapweteka, makamaka ngati onse ananena bwino, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Wofotokoza azilankhula zochuluka bwanji?

Mufilimu ya mphindi 12 yokhala ndi anthu odziwa kukamba, ine sindifuna kuti wofotokoza apitirire mphindi zitatu zonse pamodzi, ndipo pa ulendo umodzi asapitirire masekondi 20. Ntchito zake ndi zochepa: kunena nthawi ndi malo, kudumphitsa owonera pa zaka kapena maola amene palibe chochitika, kutchula mfundo imene palibe wocheza naye anainena momveka, ndi kutsegulira njira amene akubwera.

Mawu ake muwayeze ndi wotchi, osati ndi maso. Mabuku ambiri ophunzitsa za wailesi amanena za mawu pafupifupi atatu pa sekondi, koma amenewo ndi mawu a Chingerezi. Athu ndi aatali. Liwu limodzi loti "sanadzabwerenso" limadya nthawi ya mawu atatu a Chingerezi. Ineyo ndikawerenga mofatsa, monga mmene filimu imafunira, ndimatha mawu pakati pa 90 ndi 100 pa mphindi. Ndiye mpata wa masekondi 15 umalandira mawu osapitirira 25, ndipo mphindi zitatu zija ndi mawu osakwana 300, tsamba limodzi lokha. Wowerenga wanu akhoza kusiyana ndi ine, choncho mupatseni ndime, mumuyeze, mulembe nambala yake pamwamba pa sikiripiti.

Samalani ndi zaka. Papepala 1964 ikuoneka ngati liwu limodzi, koma pakamwa ndi "naintini sikisite folo". Chiganizo chokhala ndi zaka ziwiri ndi dzina la chipani chimatha masekondi ambiri, ndipo owonera sagwirapo ngakhale chimodzi.

Cholakwika chachikulu ndi wofotokoza wolanda mawu m'kamwa mwa eni ake. Akati "agogowa anayenda ulendo wautali opanda nsapato", kenako agogo n'kunena zomwezo, mwapha kachidutswa kanu kabwino. Iye angonena kuti kuchokera ku Chilenje kukafika ku sitediyamu si pafupi, n'kukhala chete. Za nsapato zichoke kwa mwini nsapato.

Kanema wakale ndili naye wochepa. Ndimugawe bwanji?

Masekondi 90 pa mphindi 12 ndi ochepadi, koma ndi mmene zimakhalira nthawi zambiri. Musanatseke sikiripiti pitani mukaone zimene zilipo ku National Archives of Zambia, ku ZANIS kapena ku ZNBC, mufunse za chilolezo ndi malipiro. Nkhokwe zambiri za kunja zimalipiritsa potengera masekondi amene mwagwiritsa ntchito. Kulemba nkhani modalira kanema amene simunamuone n'kumanga nkhokwe chimanga chisanamere.

Mukamuona, mugaweni pawiri. Pali zithunzi zaumboni, zoonetsa chinthu chenichenicho, monga mbendera ikukwera. Pali zina zongopereka fungo la nthawiyo: khamu la anthu, njinga mumsewu wa Cairo, zovala za amayi. Zaumboni muzisunge ngati ndiwo za alendo. Mbendera ionekere kamodzi, pamalo ake, cha pa mphindi ya 9 kapena ya 10, osati kumayambiriro, pakati ndi kumapeto. Chithunzi chikabwera kachiwiri owonera amadziwa kuti mwaperewedwa, ndipo kachitatu saonanso mbendera, amangoona kuti n'chija chija.

Kanema wakale amafuna nthawi yochulukirapo kuposa watsopano, chifukwa ndi wosawala bwino ndipo diso limayamba lafufuza kuti likuona chiyani. Pamene chithunzi cha lero chingakhale masekondi atatu, chakale chipatseni asanu kapena asanu ndi limodzi. Ndi bwino kukhala ndi zithunzi 15 zooneka bwino kusiyana ndi 40 zongophethira.

Zithunzi za papepala nazo zimatambasuka. Chimodzi chojambulidwa bwino chikhoza kukupatsani zitatu: chonse, kenako nkhope imodzi, kenako manja ogwira kambendera. Ngati mukuchiyendetsa pang'onopang'ono, ulendowo ukathere pa chinthu chimene mawu akutchula panthawiyo. Kungoyendetsa chithunzi chilichonse chifukwa pulogalamu imalola kumachititsa chizungulire.

Zinthu ziwiri musachite. Musatambasule kanema wakale wopapatiza wa 4:3 kuti adzaze sikilini yotambalala ya 16:9, anthu amasanduka afupi onenepa. Siyani mipata m'mbali. Ndipo musaike khamu la tsiku lina kapena dziko lina ngati kuti ndi la usiku umenewo. Mu Lusaka muli anthu amene analipo, ndipo wina akazindikira chinyengo pa chithunzi chimodzi sakhulupiriranso zotsalazo. Ngati chithunzi ndi cha chaka china, lembani chakacho pakona.

Mungationetse mmene mphindi ziwiri zoyamba zingakhalire?

Tiyambe ndi mmene ambiri amalembera. Nyimbo, dzina la filimu, kenako wofotokoza masekondi 50: dziko linkatchedwa Northern Rhodesia, likulu linasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Zonsezo n'zoona. Koma pofika sekondi ya 50 sitinakumane ndi munthu aliyense, palibe funso, ndipo theka la kanema wakale latha kale pophimba mawuwo.

Tsopano tiyale mwina. Masekondi anayi oyamba, khamu lakale likuyenda, phokoso la mapazi ndi mawu apatali, popanda nyimbo. Pa sekondi ya 4 mawu a agogo alowa chithunzi chakale chidakalipo, akukamba za nsapato m'manja. Pa sekondi ya 10 tiona nkhope yawo. Apitiriza mpaka pa 24, pamene akunena kuti amayi awo anawachenjeza kuti akatopa panjira palibe wowabereka. Masekondi awiri a chete.

Pa 26 wofotokoza alowa, pa chithunzi cha papepala cha sitediyamu: "Unali usiku wa pa 23 Okutobala 1964. Pakati pa usiku mbendera ya Britain inayenera kutsika. Iwo anali ndi zaka 9." Ndi mawu 20 papepala, koma chifukwa cha manambala atenga masekondi pafupifupi 14. Pa 40 dzina la filimu, masekondi anayi.

Pa 44 dalaivala, masekondi 12, za misewu yodzaza moti galimoto inkayenda ngati ili pamaliro. Pa 56 kanema wakale wa mumsewu, masekondi asanu ndi limodzi, wopanda wolankhula. Itangodutsa mphindi imodzi aphunzitsi alowa ndi kachidutswa katali, masekondi 35, za mmene anaphunzitsira ana nyimbo ya fuko yatsopano, ana ena n'kumasokoneza mawu. Wofotokoza abwerenso ndi chiganizo chimodzi chotibwezera panjira, ndipo agogo atseke mphindi yachiwiri ponena kuti mdima utagwa anazindikira kuti dzanja limene agwira si la amayi awo.

Werengani zimene mwawononga. Kanema wakale masekondi 16 mwa 90. Wofotokoza osakwana masekondi 20. Anthu atatu onse tawadziwa, ndipo owonera ali ndi funso limene liwasunge mphindi zingapo: kodi mwanayu awapeza amayi ake?

Nanga mbiri ija ya 1953 ndi 1963 ndiitaye?

Musaitaye, isamutseni. Mbiri imalowa pamene owonera aifuna. Aphunzitsi akanena kuti bambo awo ankagula nyama kudzera pawindo chifukwa munthu wakuda sankaloledwa kulowa m'shopu, aliyense amafuna kudziwa kuti linali dziko lotani limenelo. Pamenepo wofotokoza ali ndi masekondi 20 ake onena za ulamuliro wa atsamunda ndi chitaganya. Agogo akatchula kuti ankadutsa pa nyumba ya a Kaunda, ndi pamene munganene kuti Kenneth Kaunda anakhala m'nyumba nambala 394 ku Chilenje kuyambira 1960 mpaka 1962, ndipo nyumbayo ilipobe, mukhoza kupita kukaijambula lero.

Malo oopsa ndi pakati, cha pa mphindi ya 4 mpaka ya 7. Ndi pamene timakonda kutsanulira zonse zimene tinawerenga. Mufilimu yathuyi funso la mwana wosochera ndilo chingwe: pitani ku mbiri, koma pasathe mphindi ziwiri musanabwerere kwa iye.

Polumikiza zocheza, wofotokoza ndi kanema wakale pamamveka kugunda. Ndichite chiyani?

Kugunda kumabwera chithunzi ndi mawu zikasintha pa fulemu imodzi. Zisiyanitseni. Mawu a munthu wotsatira ayambe sekondi imodzi kapena ziwiri nkhope yake isanaoneke, monga tinachitira ndi agogo pa sekondi ya 4 m'chitsanzo chapamwambapa. Kapena mawu a amene akumaliza apitirire chithunzi chitasintha kale. Mu pulogalamu yodulira filimu monga DaVinci Resolve kapena Premiere Pro mumangomasula mawu ku chithunzi n'kukoka mbali imodzi. Pa mafulemu 25 pa sekondi, amene ndiwo a wailesi yakanema kuno, yambani ndi 25 mpaka 50, mumvere.

China ndi chete wa bodza. Kanema wakale wambiri alibe mawu akeake, ndipo mukachoka pa agogo, pomwe kumbuyo kumamveka nkhuku ndi minibasi, n'kugwera pachete weniweni, owonera amaganiza kuti foni yafa. Tsiku locheza jambulani mphindi imodzi ya phokoso la m'chipindamo wina aliyense atakhala chete, muziyala pansi pa malo olumikiza. Ngati kanema wakale ali ndi mawu a muulutsi wa nthawiyo, mugwiritseni ntchito pang'ono, masekondi asanu kapena khumi, koma wofotokoza wanu asalankhule pamwamba pake.

Nyimbo musaiyale kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ikamveka nthawi zonse imasiya kumveka, ndipo pa sipika ya foni imamenyana ndi mawu a okalamba, amene kale ndi otsika.

Anthu anga akusakaniza Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi. Mawu olembedwa pansi amasintha kayendedwe?

Kwambiri. Muno mu Lusaka simungapewe, munthu mmodzi amasintha chilankhulo pakati pa chiganizo. Koma diso lowerenga silionanso chithunzi. Mapanga awiri avumbwitsa. Choncho musaike mawu owerenga pamwamba pa kanema wakale waumboni. Dalaivala akamalankhula Chibemba ndipo anthu akuwerenga, sungani nkhope yake kapena chithunzi chosavuta, ndipo mbendera ibwere atamaliza.

Mizere isapitirire iwiri, ndipo ikhale pa sikilini nthawi yoti munthu wowerenga pang'onopang'ono amalize. Dzina la munthu ndi mawu omasulira zisatulukire pamodzi. Yembekezerani kuti kachidutswa komasuliridwa kadzafuna sekondi imodzi kapena ziwiri zowonjezera kumapeto, muziwerengeretu mu sikiripiti.

Akuluakulu amene ndinacheza nawo sadzakhumudwa ndikawadula chonchi?

Akhoza kukhumudwa ngati simunawauze. Munthu wakupatsani ola lathunthu, wavala suti yake, kenako akuoneka masekondi 50. Auzeni tsiku lomwelo, kamera isanayake: "Agogo, ticheza nthawi yaitali, koma mufilimu mulowa pang'ono chabe, zonse ndidzakupatsani muzisunge." Ndipo mudzawapatsedi. Chimene simuyenera kuchita pofuna kufulumizitsa ndi kulumikiza theka la chiganizo ichi ndi theka la chija mpaka munthu anene zimene sananene.

Ndingadziwe bwanji malo enieni amene anthu akuthawira?

Musafunse anzanu opanga mafilimu poyamba, iwo amaona kamera ndi kuwala. Itanani anthu anayi kapena asanu osadziwa nkhaniyi: mlamu wanu, mnyamata wa pa shopu, amayi a kutchalitchi. Musawalande mafoni, foni ndiyo muyeso wanu. Khalani pambali, moti muziona nkhope zawo osati sikilini, wotchi ndi pepala m'manja. Wina akatsitsa maso pa foni, akasuntha pampando, kapena akafunsa mnzake kuti "awa ndi ndani?", lembani nthawi.

Kenako bwererani m'mbuyo masekondi 20 mpaka 30 kuchokera pa nthawi imene mwalemba. Munthu sagwira foni pomwe watayika, amayamba wapirira pang'ono. Nthawi zambiri mudzapeza chimodzi mwa zitatu: funso linayankhidwa lina osabwera, wofotokoza wabwereza zimene munthu wanena, kapena walowa munthu watsopano tisanadziwe chifukwa chake. Funso lakuti "awa ndi ndani?" mankhwala ake si kudula, ndi kuwonjezera chiganizo chimodzi.

Ikatha musawafunse ngati aikonda, chifukwa mwaulemu wathu onse adzati ndi yabwino kwambiri. Apempheni akukambireni nkhaniyo monga angakambire munthu amene sanaione. Akakamba za nsapato ndi dzanja lachilendo koma osatchula n'komwe dalaivala, muyang'anenso ngati dalaivalayo akufunika katatu kapena kamodzi kokha.

Mukaiika pa YouTube, mu YouTube Studio muli mzere woonetsa pamene anthu akusiyira. Kutsika kwa masekondi oyamba kumachitika pafupifupi pa kanema aliyense, musade nako nkhawa kwambiri. Yang'anani pamene mzerewo wagwa mwadzidzidzi pakati, muyerekeze ndi pepala lanu lija, ndipo ngati nthawi zikugwirizana, tsegulani sikiripiti pa mzere umenewo muone amene anali kulankhula.